Olembetsa, ofika ndi ojomba: mmene kaundula wa msonkhano amagwirira ntchito

Kaundula wa msonkhano ndi mndandanda wa anthu amene ananena kuti adzabwera, pamodzi ndi umboni wa amene anafikadi. Amayamba kulembedwa masiku angapo msonkhano usanachitike, amagwira ntchito pakhomo tsiku likakwana, ndipo amatsekedwa ndi chidule cha tsamba limodzi. Chidulechi ndi chimene okonza msonkhano amayang'ana polipira ophika, pobweza ndalama zoyendera ndiponso polemba lipoti lopita kwa amene anapereka thandizo. Pa msonkhano uliwonse anthu olembetsa, anthu ofika ndi anthu amene akhala mu holo sakhala chiwerengero chimodzi. Ntchito ya kaundula ndiyo kuonetsa pamene ziwerengero zitatuzi zasiyanirana, kuti aliyense wofuna kutsimikiza athe kuwerenga yekha n'kupeza zomwezo.

Kuti zimenezi zioneke bwino, nkhaniyi itsata chitsanzo chimodzi chongoyerekeza. Bungwe lina lakonza maphunziro a masiku awiri a alembi ndi asungichuma a magulu a banki mkhonde, pa kasungidwe ka mabuku a ndalama. Holo ili ndi mipando 120 ya ophunzira. Aphunzitsi ndi othandiza pa ntchito alipo 7. Ena alembetsa pa fomu ya pa intaneti, ena atumiza mayina pa WhatsApp, ndipo ena alembedwa pa pepala ndi apampando a magulu awo.

Munthu mmodzi, mzere umodzi

Lamulo loyamba la kaundula ndi lakuti munthu aliyense akhale ndi mzere wake umodzi ndi nambala yake imodzi. Mayina ochokera kunjira zonse zitatu zija amasonkhanitsidwa pa mndandanda umodzi, kaya m'buku lalikulu kapena pa kompyuta mu Excel kapena Google Sheets. Nambala imaperekedwa polowetsa dzina, ndipo sisintha ngakhale mndandanda utasanjidwanso motsatira alifabeti. Chifukwa chake n'chakuti dzina palokha silikwanira. Pa msonkhano wa anthu oposa 100 n'zosadabwitsa kupeza a Banda awiri kapena a Phiri atatu ofanana ndi dzina loyamba lomwe. Nambala ndiyo imasiyanitsa anthuwa, ndipo ndi yomwe imalumikiza pepala la pakhomo, pepala la ndalama zoyendera ndi mndandanda wa olandira satifiketi.

Madanga a kaundula asachuluke. Pa chitsanzochi pali asanu ndi atatu: danga A ndi la nambala, B la dzina, C la foni, D la gulu limene munthu akuchokera, E la mmene munthuyo alili pa kaundula, F la tsiku loyamba, G la tsiku lachiwiri, ndipo H likunena ngati munthu anafika tsiku ngakhale limodzi. Dzina la bambo limalembedwa poyamba kwa aliyense, chifukwa mndandanda wosakaniza, wina poyambira dzina lake wina poyambira la bambo, umachedwetsa wofufuza pakhomo. Danga la foni liyenera kuikidwa kukhala la malemba, posankha Text, manambala asanalowetsedwe. Kupanda kutero Excel imachotsa ziro woyambirira, ndipo nambala yoyamba ndi 099 kapena 088 imatsala yoduka. Manambala onse alembedwenso mofanana, osati ena kuyambira +265 ena kuyambira 0, chifukwa kompyuta imawaona ngati manambala awiri osiyana.

Danga E ndi limene limasunga choonadi cha kaundula yense. M'menemo mumalowa mawu anayi okha: Wolembetsa, Wabwereza, Wasiya ndi Wapakhomo. Wolembetsa ndi amene akuyembekezeka. Wabwereza ndi mzere wa munthu amene analembedwa kawiri. Wasiya ndi amene anadziwitsa okonza msonkhano tsiku lisanafike kuti sabwera. Wapakhomo ndi amene wafika asanalembetse. Palibe mzere umene umafufutidwa. Dzina likafufutidwa umboni umatayika, ndipo wapampando wa gulu akadzafunsa chifukwa chake munthu wake sakuoneka, palibe chomuyankha.

Kuyeretsa mndandanda tsiku lisanafike

Pamene kulembetsa kunatsekedwa, kaundula wa chitsanzochi anali ndi mizere 134. Chiwerengerochi si cha anthu. Munthu amene analembetsa pa foni, kenako wapampando wake n'kumulembanso pa pepala, ali ndi mizere iwiri. Njira yachangu yopezera otere ndiyo kuwerenga kuti nambala ya foni iliyonse ikupezeka kangati. Fomula iyi imalembedwa m'danga lapadera pa mzere wachiwiri n'kukokeredwa mpaka pansi:

```
=COUNTIF($C$2:$C$200,C2)
```

Paliponse pamene patuluka 2 kapena kuposerapo pamafunika kuyang'anitsitsa. Koma fomulayi imangoloza, sigamula. Kumudzi foni imodzi imatha kukhala ya banja lonse, ndipo wapampando amatha kupereka nambala yake pa mamembala anayi amene alibe mafoni. Choncho mizere iwiri imatengedwa kuti ndi ya munthu mmodzi pokhapokha dzina ndi gulu zikugwirizananso. Pamene pali chikayiko, kuimba foni kamodzi kumathetsa nkhani. Pa chitsanzochi mizere 6 inapezeka kuti ndi yobwereza, ndipo anthu enieni anatsala 128.

Kenako pamabwera kutsimikizira. Masiku awiri kapena atatu msonkhano usanachitike, olembetsa onse amatumiziridwa uthenga wowakumbutsa tsiku, nthawi ndi malo, ndi wowapempha kuti amene sakwanitsa anene. Anthu 8 anayankha kuti sabwera, ndipo analembedwa Wasiya. Otsala ndi 120. Amenewa ndiwo oyembekezeka, ndipo chiwerengero chawo ndi chimene ophika amapatsidwa, chimene mabuku ndi zolembera zimagulidwira, ndiponso chimene chidzagwiritsidwe ntchito powerengera ofika ndi ojomba. Munthu amene anasiya atanena si wojomba, chifukwa anapereka mpata woti mbale yake isaphikidwe ndi mpando wake upatsidwe wina.

Ntchito ya pakhomo

Pakhomo ndi pamene kaundula amakhalira woona kapena wabodza. Kupeza dzina, kuchonga ndi kupereka baji kumatenga pafupifupi theka la mphindi ngati zonse zili m'malo. Tebulo limodzi lotero limalandira anthu awiri pa mphindi, ndipo anthu 120 angafune ola lathunthu. Popeza ambiri amafika mu theka la ola lomaliza, tebulo limodzi limabweretsa mzere wautali, ndipo anthu otopa ndi mzere amangolowa osachongedwa. N'chifukwa chake mndandanda umagawidwa pa matebulo atatu a mayina 40 lililonse. Kugawaku kumatsata kuchuluka kwa mayina, osati kuchuluka kwa zilembo. Mayina ambiri a ku Malawi amayamba ndi zilembo zochepa monga B, C, K, M ndi P, kotero kudula alifabeti m'magawo atatu ofanana kumaunjikira tebulo limodzi ntchito pamene lina likungokhala. Pamwamba pa tebulo lililonse pamapachikidwa chikwangwani chooneka patali chonena zilembo zake.

Tebulo lachinayi ndi la amene sali pa mndandanda. Iwowa sayenera kulembedwa ndi bolopeni m'mphepete mwa pepala la olembetsa, chifukwa mayina a m'mphepete amaiwalika powerenga. Amakhala ndi pepala lawo, lokhala ndi madanga omwewo, ndipo manambala awo amapitiriza pamene mndandanda unathera, kuyambira 135. Asanalembedwe, wa pa tebulopo amayamba wafufuza dzinalo pa mndandanda wonse. Kawirikawiri munthu wooneka ngati watsopano amakhala kuti analembetsa ndi dzina la kwa mwamuna wake, kapena dzina lake linalembedwa molakwika. Munthu wotere akalembedwa ngati Wapakhomo, kulakwa kumakhala kuwiri: amawonjezera ofika osalembetsa, ndipo mzere wake weniweni umamuonetsa ngati wojomba.

Pali anthu enanso ofunika lamulo lawo tsiku lisanafike: otumidwa m'malo mwa anzawo. Msungichuma wadwala, ndiye gulu latumiza wachiwiri wake. Chosayenera kuchita ndicho kuchonga dzina la wodwalayo ngati kuti wabwera, chifukwa satifiketi idzatuluka m'dzina la munthu amene sanaphunzire, ndipo siginecha ya pa ndalama zoyendera sidzagwirizana ndi dzina. Wotumidwayo amalembedwa pa pepala la Wapakhomo, ndipo pambali pa dzina lake pamalembedwa nambala ya amene wamuimira. Mzere wa wodwalayo umakhala wosachongedwa.

Ena amagwiritsa ntchito foni pakhomo, posikana kachizindikiro ka QR kamene wolembetsa aliyense anatumiziridwa. Njirayi ndi yachangu, imalemba nthawi yeniyeni imene munthu wafika, ndipo mapulogalamu ambiri amachenjeza kachizindikiro kamodzi kakasikanidwa kawiri. Malire ake ndi odziwika: batire limatha, netiweki imathawa, ndipo ena amabwera ndi mafoni ang'onoang'ono osaonetsa zithunzi. Mafoni awiri osikanira akakhala opanda intaneti, iliyonse imasunga zake, ndipo zimakumana pokhapokha netiweki itabwerera. Choncho mndandanda wosindikiza pa pepala umakhalapo ndithu, ndipo pamasankhidwa chimodzi chokha, pepala kapena foni, kuti ndicho kaundula weniweni wa tsikulo.

Kuwerenga kachiwiri mu holo

Zochongedwa pakhomo zimafunika mboni. Maphunziro atayenda ola limodzi kapena awiri, munthu mmodzi amawerenga mitu mu holo, mzere ndi mzere wa mipando, kusiya aphunzitsi ndi othandiza. Pa tsiku loyamba la chitsanzochi, mapepala a pakhomo anaonetsa anthu 100, koma mu holo munali 104. Mu holo mukachuluka anthu kuposa pa pepala, ndiye kuti ena analowa osachongedwa, mwina podzera khomo la kumbali kapena pamene wa pa tebulo anachokapo. Mankhwala ake ndi kulengeza nthawi ya tiyi kuti aliyense wopanda baji apite ku tebulo. Anayi aja anapezeka motero. Zikakhala mosemphana, pa pepala pali ambiri kuposa mu holo, ndiye kuti ena anachongetsa n'kutuluka, kapena wina anasainira mnzake amene sanabwere. Vuto lachiwirili limakula pa misonkhano imene pali alawansi, ndipo limaoneka pa masiginecha angapo otsatizana olembedwa ndi dzanja limodzi.

Mboni ina ndi matikiti a chakudya. Aliyense wochongedwa akapatsidwa tikiti imodzi, ophika amabweza matikiti amene alandira. Pa tsiku loyamba anayenera kukhala 111, kutanthauza ophunzira 104 ndi ogwira ntchito 7. Matikiti akaperewera pang'ono si zodetsa nkhawa, chifukwa ena sadya. Akapitirira, pali anthu amene anadya asali pa kaundula.

Kodi wojomba ndi ndani?

Bokosi lopanda chichongo silitanthauza kujomba mpaka kaundula atatsekedwa. Nthawi ya 9 koloko m'mawa lingatanthauze kuti munthu akadali pa minibasi. Okonza msonkhano amagwirizana ola lotsekera tsiku lililonse, mwachitsanzo nthawi ya nkhomaliro, ndipo amagwirizananso chochita ndi wofika ola litadutsa. Ambiri amamuchonga kuti wafika koma n'kulemba nthawi yake, kuti nkhani ya satifiketi kapena ndalama yoyendera idzagamulidwe ndi umboni. Chofunika n'chakuti lamulo likhale limodzi kwa onse ndipo lilembedwe pa chidule.

Pa msonkhano wa masiku awiri kujomba kuli mitundu iwiri. Pali kujomba tsiku limodzi, ndipo pali kusafika n'komwe. Pa tsiku loyamba, mwa oyembekezeka 120 anafika 93, ndipo 27 sanaoneke. Pa tsiku lachiwiri anafika 96, ndipo 24 sanaoneke. Kuphatikiza 27 ndi 24 n'kunena kuti anajomba anthu 51 ndi kulakwitsa, chifukwa ambiri mwa iwo ndi anthu omwewo. Mizere ikayang'anidwa umodzi ndi umodzi, zikuoneka kuti 88 anafika masiku onse awiri, 5 anafika tsiku loyamba lokha, ndipo 8 anafika lachiwiri lokha. Onse pamodzi ndi 101. Amene sanafike n'komwe ndi 19, ndipo amenewa ndiwo ojomba a msonkhano wonse.

Pa kompyuta, wofika amalembedwa 1 m'danga la tsikulo, ndipo wosafika bokosi lake limasiyidwa lopanda kanthu. Danga H limadzazidwa ndi fomula iyi, imene imapereka 1 kwa aliyense amene anafika tsiku ngakhale limodzi ndi 0 kwa amene sanafike:

```
=IF(F2+G2>0,1,0)
```

Zikatero, ziwerengero zikuluzikulu zimatuluka ndi mafomula anayi. Yoyamba imawerenga oyembekezeka, yachiwiri olembetsa amene anafika tsiku loyamba, yachitatu ojomba, ndipo yachinayi ophunzira onse amene anali mu holo tsiku loyamba:

```
=COUNTIF(E2:E200,"Wolembetsa")
=COUNTIFS(E2:E200,"Wolembetsa",F2:F200,1)
=COUNTIFS(E2:E200,"Wolembetsa",H2:H200,0)
=SUM(F2:F200)
```

Mayankho ake ndi 120, 93, 19 ndi 104. Fomula imawerenga zimene zalembedwa ndendende. Wina akalemba "Olembetsa" m'malo mwa "Wolembetsa", kapena akasiya mpata kumapeto kwa liwulo, mzerewo umadumphidwa popanda chenjezo lililonse. Njira yopewera ndiyo kugwiritsa ntchito Data Validation pa danga E kuti wolowetsa azingosankha pa mawu anayi aja. Njira yozindikirira kuti zalakwika ndiyo kuphatikiza magulu anayiwo n'kuona ngati akukwana mizere yonse. Pa chitsanzochi, olembetsera pakhomo anali 11 tsiku loyamba. Tsiku lachiwiri 7 mwa iwo anabwereranso ndipo kunabwera atsopano 2, kotero onse ndi 13. Tsono 120, 6, 8 ndi 13 akaphatikizidwa akupereka 147, yomwe ndi mizere 134 yoyamba ija ndi 13 yowonjezera. Pakaperewera ngakhale mzere umodzi, pali liwu lolembedwa molakwika penapake.

Kuwerengera pa 100

Okonza misonkhano amafuna kudziwa kuti pa anthu 100 aliwonse oyembekezeka anafika angati. Apa ndi pamene malipoti ambiri amasocheretsa, chifukwa yankho limasintha malinga ndi chiwerengero chimene chagawidwa ndi chimene chagawa. Njira yolondola ndiyo kugawa olembetsa amene anafika ndi oyembekezeka: 101 kugawa ndi 120, zimene zikupereka 84 peresenti. Ojomba ndi 19 kugawa ndi 120, pafupifupi 16 peresenti. Ziwirizi zikaphatikizidwa ziyenera kukwana 100.

Wina akhoza kutenga anthu onse amene anaponda mu holo, 101 ndi 13 aja, omwe ndi 114, n'kugawa ndi 120. Apeza 95 peresenti, chiwerengero chokoma m'lipoti koma chobisa ojomba, chifukwa anthu osalembetsa akwirira mipando yawo. Winanso akhoza kugawa 101 ndi mizere yonse 134 n'kupeza 75 peresenti, zimene zikuipitsa msonkhano powerengera mizere yobwereza ndi anthu amene anasiya atanena. Msonkhano ndi umodzi, koma ungalembedwe 75, 84 kapena 95. N'chifukwa chake peresenti siyenda yokha pa chidule. Pambali pake pamalembedwa manambala awiri amene yachokerako.

Msampha wina ndi kuphatikiza masiku. Tsiku loyamba mu holo munali ophunzira 104, ndipo lachiwiri 105, kutanthauza olembetsa 96 ndi a pakhomo 9. Kuphatikiza kukupereka 209. Chiwerengerochi ndi choona pa mbale za nkhomaliro za ophunzira, koma si cha anthu. Lipoti lonena kuti anthu 209 anaphunzitsidwa lawerenga ambiri kawiri. Anthu osiyanasiyana amene anafika ndi 114, ndipo amene anakhala nawo masiku onse awiri ndi 95, kutanthauza 88 olembetsa ndi 7 a pakhomo. Ngati satifiketi ikuperekedwa kwa omaliza maphunziro onse, masatifiketi osindikiza ndi 95.

Chidule chomaliza

Chidule chimalembedwa tsiku lomwelo kapena mawa lake, mapepala onse akadali pamodzi ndipo a pa matebulo akadakumbukira zimene zinachitika. Pamwamba pamakhala dzina la msonkhano, masiku, malo, amene walemba ndi ola limene kaundula ankatsekedwa. Kenako ziwerengero zimatsatana motere:

Mizere yonse ya olembetsa: 134
Yobwereza: 6
Osiya atanena: 8
Oyembekezeka: 120
Olembetsa amene anafika: 101 mwa 120, 84 peresenti
Ojomba: 19 mwa 120, 16 peresenti
Olembetsera pakhomo: 13
Ophunzira onse osiyanasiyana: 114
Mu holo tsiku loyamba: 104
Mu holo tsiku lachiwiri: 105
Ofika masiku onse awiri: 95
Aphunzitsi ndi othandiza, osawerengedwa pamwambapa: 7

Wowerenga chidule chotere akhoza kuchiyesa ndi pensulo. Kuchotsa 6 ndi 8 pa 134 kukusiya 120. Kuphatikiza 101 ndi 19 kukubwezera 120. Kuphatikiza 101 ndi 13 kukupereka 114. Chidule chimene sichipambana mayeso atatuwa sichiyenera kutumizidwa, ndipo kusintha nambala imodzi kuti zikwane si kukonza. Kumafunika kubwerera ku mapepala a pakhomo.

Pansi pa ziwerengero pamakhala ndemanga zochepa zofotokoza zimene manambala sanena okha. Pa chitsanzochi, 4 mwa ojomba 19 anatumiza owaimira, amene ali m'gulu la 13 a pakhomo. Choncho malo amene anakhaladi opanda munthu wochokera ku gulu lake ndi 15. Ndemanga ina ndi ya anayi aja olowa osachongedwa, ndi mmene anapezekera. Ina ndi ya chakudya: ophika anauzidwa mbale 120 za ophunzira tsiku lililonse, zonse 240, koma odya anali 209, ndiye mbale 31 zinalipiridwa popanda wozidya. Nambala imeneyi ndi imene imasandutsa kujomba kukhala ndalama zooneka.

Zimene ojomba amaphunzitsa okonza msonkhano

Chiwerengero cha ojomba chimathandiza kwenikweni chikagawidwa. Danga D limalola kuwerenga ojomba gulu ndi gulu. Ngati 19 aja amwazikana m'magulu ambiri, zifukwa zake zimakhala za munthu payekha, monga matenda, maliro kapena ntchito ya kumunda. Koma ngati ambiri achokera dera limodzi, chifukwa chake chimakhalanso chimodzi: uthenga wokumbutsa sunafike, msewu unaduka ndi mvula, kapena ndalama yoyendera inayenera kuchoka m'thumba mwawo kaye. Ndi bwinonso kuona njira imene analembetsera. Anthu olembedwa ndi wapampando pa pepala amatha kusadziwa n'komwe kuti analembedwa. Kuimbira foni ojomba angapo mlungu womwewo kumapereka yankho lenileni kusiyana ndi kungoganizira.

Pokonza msonkhano wotsatira, ziwerengerozi zimathandiza pa kuitanitsa chakudya ndi pa kulandira olembetsa. Mu holo simunapitirire ophunzira 105 tsiku lililonse, kotero pa msonkhano wina wofanana nawo okonza akhoza kuuza ophika mbale zocheperapo, n'kugwirizana nawo kuti chiwerengero chenicheni adzapatsidwa m'mawa pakhomo pakawerengedwa. Akhozanso kusunga mayina a odikira, oti aitanidwe wina akasiya. Koma msonkhano umodzi si muyezo wokwanira. Misonkhano yaulere imakhala ndi ojomba ambiri kusiyana ndi yolipira, ndipo nyengo ya dzinja imasiyana ndi ya chilimwe. Kulandira olembetsa oposa mipando podalira kuti ena adzajomba kumafuna zidule za misonkhano ingapo yofanana, zowerengedwa ndi malamulo amodzimodzi. Kupanda apo, tsiku limene onse adzabwere ena adzaimirira.

Kusunga mapepala ndi chinsinsi cha anthu

Mapepala a pakhomo okhala ndi masiginecha kapena zidindo za chala ndiwo umboni woyamba, ndipo amasungidwa pamodzi ndi chidule, chifukwa owerengera ndalama za bungwe amawafuna poyerekeza ndi malisiti a chakudya ndi ndalama zoyendera. Zolembedwa pa kompyuta ndi kope chabe la mapepalawa, kotero zikasemphana, pepala losainidwa ndilo limayang'anidwa poyamba.

Kaundula alinso ndi mayina, manambala a foni ndipo nthawi zina manambala a chiphaso cha unzika. Ku Malawi zinthu zotere zimatetezedwa ndi lamulo la mu 2024 loteteza mbiri ya munthu, limene bungwe la MACRA limayang'anira. Mwa zina, mfundo yake ndi yakuti zinthu za munthu zitengedwe pa cholinga chodziwika ndipo zisagwiritsidwe ntchito zina zosagwirizana ndi cholingacho. Kwa okonza msonkhano izi zikutanthauza kufunsa zokhazo zimene zikufunikadi, kusasiya mndandanda wa mafoni pa tebulo poti aliyense aujambule, ndi kusautumiza pa gulu la WhatsApp. Pepala la pakhomo likhoza kusindikizidwa ndi nambala, dzina ndi gulu basi, mafoni n'kutsala pa kope la mlembi. Chidule chopita kwa akuluakulu a bungwe kapena kwa opereka thandizo chimanyamula ziwerengero, ndipo mayina amaperekedwa kwa okhawo amene ntchito yawo ikufuna kuwaona.